Mphindi 45 ndi ngale ya Kino

Pa mapepala onse amene ndimachonga, amene amandipweteka mtima kwambiri ndi a mwana amene buku analiwerenga bwino, mwina kawiri konse, ndipo analikonda, koma chimangirizo chake chathera pakati pa chiganizo chifukwa nthawi inamuthera. Masamba awiri oyamba amakhala ndi zilembo zooneka bwino, tsamba lachitatu zilembo zimayamba kupendama, kenaka mawu amangodukira panjira. Ukawerenga umaona kuti mwanayu amadziwa zambiri kuposa zimene zafika papepala, koma malikisi ungapereke pa zimene zalembedwa zokha. Pepala la mwana amene sanawerenge n'komwe silindivuta chonchi.

Ndimaphunzitsa mabuku a Chingerezi ku Fomu 4, ndipo poyeserera mayeso ndimapatsa ana funso limodzi la chimangirizo ndi mphindi 45. Ndimawauza kuti nthawiyi aigawe patatu: mphindi 7 zokonza pulani, mphindi 33 zolemba, mphindi 5 zowerenganso zimene alemba. Ana ambiri akamva zimenezi amaona ngati ndawabera mphindi 12, ndipo ndimawamvetsa. M'chipinda cha mayeso, anzako onse akaweramira pamapepala, zolembera zikuthamanga, iwe n'kukhala ukulemba timawu tochepa pambali, mtima umagunda ngati watsalira. Koma kuthamanga sikufika. Ndafika pokhulupirira kuti ntchito yaikulu ya chimangirizo imachitika m'mphindi 7 zoyambazo, chifukwa mphindi 33 zimangotsata zimene zinakonzedwa pamenepo.

Ndigwiritse ntchito buku limene ana ambiri a sekondale m'Malawi muno aliwerenga pokonzekera mayeso a MSCE, la John Steinbeck, lotchedwa The Pearl, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1947. Ndi buku lalifupi, la mitu isanu ndi umodzi yokha. Kino ndi mmphawi wa ku La Paz, m'dziko la Mexico, amene amapeza chakudya cha banja lake pomira m'nyanja kufunafuna ngale. Mwana wake Coyotito walumidwa ndi chinkhanira, dokotala wakana kumuthandiza chifukwa alibe ndalama, ndipo m'mawa womwewo Kino akupeza ngale yaikulu imene sinaonekepo. Tiyerekeze kuti funso likuti: ngale inaononga banja la Kino, fotokozani ngati mukugwirizana nazo, mukupereka umboni wochokera m'bukuli.

Mwana amene wayamba kulemba osakonza pulani amachita chinthu chimodzi chodziwikiratu. Amayambira pamene buku linayambira, chifukwa umo ndi mmene nkhani inakhalira m'mutu mwake. Afotokoza za m'mawa uja Kino akudzuka, za chinkhanira chikutsika pa chingwe, za mkazi wake Juana akuyamwa ululu pabala la mwana, za ulendo wa mudzi wonse wopita kwa dokotala, za timangale tisanu ndi titatu topanda pake timene wantchito wa dokotala anabweza, za Kino akumenya chitseko cha mpanda mpaka dzanja kutuluka magazi. Zonsezi n'zoona, ndipo wazikumbukira bwino. Koma pofika pamenepa mphindi 15 zapita ndipo ngale yeniyeniyo sinapezeke n'komwe. Funso likufunsa zimene ngale inachita, ndiye zonse zimene walembazi zachitika ngale isanalowe m'nkhani. Umboni wolemera kwambiri wa funso limeneli uli m'mutu wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo amene akuyenda motsata nkhani kuchokera kumayambiriro safika kumeneko. Nthawi imamuthera ali m'mutu wachitatu kapena wachinayi, pa ogula ngale. N'chifukwa chake mapepala ambiri pa funso lonena za kuonongeka kwa banja amatha osatchula n'komwe imfa ya mwana.

Tsono mphindi 7 zija zimayenda chonchi. Ziwiri zoyamba n'zowerenga funso, ndipo ndimauza ana kuti aliwerenge kawiri ndi cholembera m'manja, akutseka mzere kunsi kwa mawu amene akulamula yankho. M'funso lathuli mawuwo ndi atatu: ngale, kuononga ndi banja. Mawu akuti banja akuchepetsa malo oyendamo. Sitikufunsidwa za mmene ngale inasinthira tauni yonse, ngakhale Steinbeck analemba zambiri za zimenezo. Tikufunsidwa za Kino, Juana ndi Coyotito. Palinso mbali ija yakuti ngati mukugwirizana nazo, imene ikufuna kuti wolemba aime penapake. Mphindi ziwirizi zikamatha, mwana akhale atalemba chiganizo chimodzi chachidule chonena pamene waima. Mwachitsanzo: ndikugwirizana nazo, koma ngale payokha sinachite kanthu, inangodzutsa umbombo wa anthu ndi kuuma mtima kwa Kino.

Mphindi zitatu zotsatira n'zokhuthulira papepala zonse zimene zikubwera m'mutu, m'mawu amodzi kapena awiri, osalemba ziganizo, osasankha. Dokotala. Wansembe. Ogula ngale. Akuba usiku. Juana kunyanja. Kino apha munthu. Bwato. Nyumba kupsa. Juan Tomas. Olondola mapazi. Phanga. Mfuti. Mndandanda wotere sutenga nthawi, ndipo umachitanso ntchito ina imene ana saiganizira: umakuuza msanga ngati funso walisankha ukulidziwa. Ngati mayeso akupatsa mwayi wosankha pakati pa mafunso awiri, ndipo patatha mphindi zitatu uli ndi timawu tiwiri tokha papepala, pamenepo ndi pamene uyenera kusintha funso, usanataye zoposa mphindi zisanu. Amene alibe pulani amazindikira kuti funso lamukanika atalemba kale tsamba lathunthu, ndipo pamenepo kubwerera n'kovuta.

Mphindi ziwiri zotsiriza ndi zimene ndimaziona zovuta kwambiri kuphunzitsa, chifukwa n'zotaya zinthu. Pa zinthu khumi ndi ziwiri zija, chimangirizo chili ndi malo a mfundo zinayi zokha. Chiwerengero cha zinayichi chikuchokera ku liwiro la dzanja. Ndimauza mwana aliyense kuti adziyese yekha kunyumba: alembe kwa mphindi zisanu zinthu zimene akuziganiza pomwepo, osati kukopera, kenaka awerenge mawu amene walemba. Tiyerekeze kuti wapeza mawu 90, ndiye kuti amalemba mawu 18 pa mphindi. M'mphindi 33 adzalemba mawu pafupifupi 600, ndipo mantha a m'chipinda cha mayeso sangawachulukitse. Telala amene wapatsidwa mamita awiri a nsalu amayamba wayeza asanadule, chifukwa akayamba ndi manja a malaya aakulu, thunthu la malayawo lidzasowa nsalu. Pa mawu 600 aja, chiyambi chitenge mphindi zitatu, mathero mphindi ziwiri, ndipo zotsala 28 zigawidwe kwa ndime zinayi, mphindi 7 iliyonse. Ndime ya mphindi 7 imakhala ndi mawu oposa pang'ono 120, okwanira kunena mfundo, kupereka umboni ndi kufotokoza chimene umboniwo ukusonyeza. Amene dzanja lake ndi lochedwa, wa mawu 13 kapena 14 pa mphindi, ndibwino akonze mfundo zitatu zofotokozedwa mokwanira kusiyana n'kuyamba zinayi zosamaliza. Funso likanena lokha chiwerengero cha mfundo, zisanu mwachitsanzo, palibe kukambirana, mphindi 28 zija zigawidwe pasanu ndipo ndime iliyonse ifupike.

Ndiye pa mndandanda uja tisiya chiyani? Wansembe achoke. N'zoona kuti atamva za ngale anayamba kuganiza zokonzetsa tchalitchi, ndipo anapita kukachezera banja limene sankalilabadira, koma iye sanaononge kanthu m'banjamo. Juan Tomas, mkulu wake wa Kino, achokenso, chifukwa iye anawathandiza powabisa m'nyumba mwake. Zotsalazo zimagwirana zokha m'magulu. Olondola mapazi, phanga ndi mfuti ndi mfundo imodzi, imfa ya Coyotito. Juana kunyanja ndi mfundo ina, kusweka kwa mtendere pakati pa mwamuna ndi mkazi. Bwato ndi nyumba ndi mfundo yachitatu, kutha kwa pogona ndi podyera. Dokotala, ogula ngale, akuba ndi munthu amene Kino anapha ndi yachinayi, imene ikuyankha mbali ija yakuti kodi ndi ngale yokha.

Kenaka mwana aike manambala pa mfundozo, ndipo apa ndimaumirira chinthu chimene aphunzitsi anzanga ena sagwirizana nacho. Ndimati mfundo yolemera kwambiri ikhale yoyamba, ngakhale m'buku ili kumapeto. Anzanga amati chimangirizo chimakoma chikamakwera pang'onopang'ono mpaka pachimake, ndipo pa chimangirizo cholembera kunyumba akunena zoona. Koma pamayeso, ndime imene ili pangozi yodulidwa ndi yomaliza. Ngati chinachake chisokonekera, ndikufuna kuti chotayika chikhale mfundo yopepuka, osati imfa ya mwana. Kuyamba ndi mutu womaliza wa buku kumathandizanso m'njira ina: kumaletsa dzanja kugwera m'chizolowezi chosimba nkhani, chifukwa sungasimbe nkhani uli kuyambira kumapeto kwake, umakakamizika kufotokoza.

Chinthu chomaliza cholemba pa pulani ndi nthawi yeniyeni ya pawotchi. Kunena kuti ndime iliyonse itenge mphindi 7 sikuthandiza munthu amene ali pakati polemba, chifukwa sakumbukira kuti ndimeyo anaiyamba nthawi yanji. Ngati funso layamba 9 koloko, mwana alembe pambali pa mfundo iliyonse nthawi yoiyambira: chiyambi 9:07, imfa ya mwana 9:10, Juana 9:17, bwato ndi nyumba 9:24, umbombo wa anthu 9:31, mathero 9:38, kuwerenganso 9:40. Akatero, kungodzutsa mutu kamodzi n'kuyang'ana wotchi, akudziwa ngati ali m'mbuyo kapena ayi, popanda kuchita masamu. Pulani yonseyi ikhale pamalo pamene oyang'anira mayeso alola kulembapo zoyeserera, ndipo akamaliza aidule ndi mzere umodzi.

Pa chiyambi sindichedwapo. Ziganizo zitatu zikwanira: kuyankha funso mwachindunji, kunena pamene waima, kutchula mfundo zimene zikubwera. Mbiri ya Steinbeck, chaka chimene anabadwa, mabuku ena amene analemba, zonsezo zilibe malo pano, ngakhale mwana atazidziwa bwino.

Ndime zapakati ndi pamene mphindi zimathera, ndipo zimathera pa kusimba. Titenge ndime ya Juana, imene yayamba 9:17. Wosimba nkhani alemba kuti usiku Juana anadzuka mwakachetechete, anatenga ngale pamene inabisidwa, anatuluka, Kino anadzuka n'kumutsatira, anamupeza m'mphepete mwa nyanja atakweza dzanja kuti aiponye, anamulanda, anamumenya kumaso, atagwa anamuponda ndi phazi. Mawu 120 atha, ndipo sanayankhe kanthu. Wofotokoza amayamba ndi mfundo: ngale inachititsa Kino kuukira mkazi amene ankakhala naye mwamtendere. Chochitikacho amachinena m'ziganizo ziwiri zokha, chifukwa wochonga bukulo akulidziwa kale ndipo akungofuna kuona kuti umboni wasankhidwa bwino. Mphindi zotsalazo amazigwiritsa ntchito pa chimene chimabweretsa malikisi: kuti m'mutu woyamba banjali linali losauka koma logwirizana, lomvana popanda kuyankhula zambiri, kuti Juana anali atachenjeza kale kuti ngaleyo ndi yoipa ndipo idzawaononga, kuti Kino anayamba kufuna ngale chifukwa cha banja lake, koma pofika usiku umenewu akuteteza ngale pomenya banja lomwelo. Ndimauza ana kuti ayang'ane mawu amene akulumikiza ziganizo zawo. Akaona kuti alemba kenaka, atatero, pambuyo pake, katatu motsatizana, adziwe kuti akusimba. Mawu oti chifukwa, izi zikusonyeza kuti, kusiyana ndi poyamba, ndi amene amaoneka pamene munthu akufotokoza.

Ndime ya bwato imafuna chinthu chimodzi chimene ana ambiri amachiiwala. Kunena kuti bwato linabooledwa ndipo nyumba inatenthedwa n'koona, koma kulemera kwake kumaoneka ukanena kuti bwatolo linali la agogo ake a Kino, linadzera kwa bambo ake, ndipo ndilo linali chuma chokhacho chimene chinkatsimikizira kuti banjalo lidya. Ana a ku Mangochi kapena ku Nkhotakota safunika kuuzidwa zambiri pamenepa, amadziwa chimene chimachitika pakhomo bwato likatha. Chiganizo chimodzi chokhala ndi mfundo yeniyeni ya m'buku ngati imeneyi chimaposa ziganizo zisanu zongoti banja linavutika kwambiri.

Mfundo yachinayi ndi imene imasiyanitsa chimangirizo chabwino ndi chapakatikati, ngakhale ndaiika kumapeto. Banja la Kino linali loponderezedwa ngale isanabwere: dokotala anawakana pa tsiku loyamba. Ngale itapezeka, dokotala yemweyo anabwera yekha, anamwetsa mwana ufa woyera, mwana anadwala kwambiri, ndipo patatha ola limodzi anabweranso kudzamuchiza kuti aoneke ngati wapulumutsa moyo. Ogula ngale onse ankagwirira ntchito munthu mmodzi, ndipo anapereka mapeso 1,000 pa ngale imene Kino ankati ndi ya mapeso 50,000. Atakana anakweza kufika pa 1,500 yokha. Amene wafika pa ndime imeneyi nthawi ilipo akhoza kuonetsa kuti ngale inangoulula umbombo umene unalipo kale. Amene wafika mochedwa asaitaye yonse, aifupikitse.

Pakuti kuchedwa kudzachitika ndithu, ngakhale pulani ikhale yabwino chotani. Ndime ya imfa ya Coyotito imakoka munthu. Pali mapiri, phanga, anthu atatu olondola mapazi, kulira kwa mwana kumene mwini mfuti anakuyesa kulira kwa nyama yam'tchire, ndi Kino akupha atatu onsewo koma mochedwa. Mwana amapezeka kuti 9:21 yakwana akadali pamenepo. Chimene ndimawaphunzitsa n'chakuti amalize chiganizo chimene akulemba, atseke ndimeyo, apite ku yotsatira, ndipo mphindi zinayi zimene zatayika azichotse pa ndime yachinayi. Asazichotse pa mathero kapena pa nthawi yowerenganso. Ikakwana 9:38, ali paliponse pamene ali, alembe mathero. Ziganizo ziwiri zobwerera ku mawu a funso zikwanira, ndipo ngati pali malo, anene kuti Kino ndi Juana pobwerera ku La Paz akuyenda moyandikana, osati mkazi pambuyo monga kale, ndiye banjalo laonongeka koma silinatheretu. Chimangirizo chokhala ndi mfundo zitatu ndi theka komanso mathero chimaoneka chathunthu, pamene chokhala ndi mfundo zinayi n'kudukira panjira chimasiya wochonga osadziwa pamene wolemba anaima.

Mphindi 5 zomaliza ndi zimene ana amazipereka nsembe msanga, poganiza kuti ndime ina yowonjezera ingawapindulitse koposa. Ine ndimaona mosiyana, chifukwa ndimaona zimene zimatsalira m'mapepala osawerengedwanso. Mwana amalemba Juan pamene amatanthauza Juana, ndipo chiganizo chimanena kuti Kino anamenya mkulu wake. Wina amalemba kuti Kino anaombera mwana wake, pamene mfuti inali m'manja mwa mmodzi wa olondola mapazi aja. Wina dzanja likathamanga amadumpha kamawu kokanira, ndipo chiganizo chimanena zosemphana ndi zimene amafuna. Zolakwika zotere zimaoneka ngati kusadziwa buku, pamene kunali kufulumira chabe, ndipo kuzikonza kumatenga masekondi ochepa.

Mawu 600 munthu amawawerenga m'mphindi zitatu, choncho nthawi ilipo, bola awerenge akudziwa chimene akufuna. Choyamba ayang'ane nambala ya funso, ngati yalembedwa ndipo ndi yolondola. Kenaka awerenge chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, chokhachokha, ndi kudzifunsa ngati chikukhudza ngale ndi banja. Ngati ndime ina yasochera, palibe nthawi yoilembanso, koma chiganizo chimodzi chowonjezera kumapeto kwake chikhoza kuibwezera ku funso, ndipo n'chifukwa chake ndimauza ana kuti azisiya mizere iwiri yopanda kanthu pakati pa ndime. Akatero awerenge zonse kuchokera pamwamba, akuyang'ana maina, mawu odumphidwa, ndi nthawi ya aneni, poti m'Chingerezi ana amakonda kuyamba ndi nthawi yatsopano n'kugwera m'nthawi yakale pakati pa ndime. Cholakwika achidule ndi mzere umodzi n'kulemba cholondola pamwamba pake. Kufufuta mpaka pepala kuda kumadya nthawi ndipo kumavutitsa wowerenga.

Kugawa nthawi chonchi sikungathandize amene sanawerenge buku. Amene anangodalira manotsi achidule a mnzake, mphindi zitatu zokhuthula zija adzapeza dzina la Kino ndi ngale basi. Ndiponso sikugwira ntchito ngati munthu akukuyesa koyamba tsiku la mayeso. N'chifukwa chake masabata omaliza sindipatsa ana zimangirizo zathunthu tsiku lililonse, chifukwa kalasi yaikulu sindingaichonge yonse. M'malo mwake ndimalemba funso pabolodi, ndimawapatsa mphindi 7 zokha, ndipo amandipatsa pulani. M'phunziro limodzi tikhoza kukonza mapulani a mafunso atatu, limodzi la dokotala, lina la Juana, lina la umphawi, ndipo pulani ya mizere isanu ndi umodzi ndimaiona pomwepo ndikuyenda pakati pa madesiki. Chimangirizo chathunthu cha mphindi 45 timalemba kamodzi pasabata, wotchi ili pathebulo langa poonekera onse, ndipo ikakwana mphindi ya 40 ndimagogoda pathebulo kuti zolembera ziime, ayambe kuwerenga.